Madeti a ndende ndi a kuthawira kunja akamakana kugwirizana, mungayambire pati?

Vuto ili limangobwerabwera. Wina akulemba mbiri ya munthu wotchuka, kaya ndi ya kusukulu kaya ndi ya pa mwambo wokumbukira, afika pa gawo loti anamangidwa liti ndipo anakasungidwa kuti, ndiye apeza buku likunena zina, nyuzipepala zina, Wikipedia zinanso, mapeto ake amangotola deti yomwe yaoneka kawirikawiri nkulemba basi. Kawirikawiri palibe yemwe akunama. Chimene chimasokoneza nchoti mawu oti anamangidwa timawatenga ngati chinthu cha tsiku limodzi ndi malo amodzi, pomwe mkati mwake muli zinthu zingapo: tsiku logwidwa, nthawi ya pa rimandi, tsiku la chigamulo, kusamutsidwa ndende, apilo, kutulutsidwa, mwinanso kutsekeredwa pakhomo pambuyo pake. Wolemba aliyense amatola chimodzi nkuchitcha kumangidwa.

Choncho musanatsegule buku lachitatu tengani pepala mujambule mizere, gawo lililonse mzere wake, pambali pake deti, malo, ndi yemwe wanena zimenezo. Kenako onani chizindikiro chomwe chikufanana ndi vuto lanu pansipa.

Chizindikiro 1: madeti awiri kapena atatu a kumangidwa kwa munthu mmodzi

Zoyambitsa, kuyambira yomwe imachitika kwambiri:

- wina akunena tsiku logwidwa, wina tsiku la chigamulo cha khothi
- munthuyo anamangidwapo kangapo ndipo mwasakaniza maulendowo
- deti yomwe mwaona ndi ya tsiku lomwe nkhani inatuluka, osati lomwe zinachitika
- mwezi ndi tsiku zatembenuzidwa

Choyambachi ndi chomwe chimagwetsa anthu ambiri, ndiye tiyeni tichione bwinobwino ndi nkhani ya a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa. Anagwidwa pa 24 Disembala 1981, limodzi ndi mwana wawo. Mlandu woukira boma unayamba mu 1982 ku khothi la mafumu la chigawo cha kumwera, chigamulo choti aphedwe chinaperekedwa mu Meyi 1983, apilo inakanidwa mu Febuluwale 1984, ndipo mu Juni 1984 chilango chija chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mukapeza wina walemba kuti anamangidwa mu 1983 sikuti wapeka, iye akuwerengera pa chigamulo. Koma inu mukalemba 1983 popanda kufotokoza, ndiye kuti mwafufuta chaka chathunthu ndi miyezi ingapo yomwe anthuwa anali kale m'manja mwa boma.

Kukonza kwake: yang'anani mneni yemwe wolembayo wagwiritsa ntchito. M'zolemba za Chingerezi mawu awa ndi osiyana ndipo ndi bwino kuwasaka paokhapaokha pamodzi ndi dzina la munthuyo: `arrested`, `detained`, `charged`, `convicted`, `sentenced`, `released`. Kwathu tonse timangoti anamangidwa, ndiye womasulira akafupikitsa kusiyanako kumatayika.

Za kumangidwa kangapo. A Orton omwewa anamangidwaponso mu 1959 nthawi ya lamulo la zadzidzidzi la atsamunda, anatuluka chaka chomwecho nkuyambitsa chipani cha Malawi Congress mu Seputembala. Ndiye chiganizo choti atatuluka kundende anachita zakutizakuti chikhoza kukhala cha 1959 basi, chifukwa ulendo wachiwiri sanatuluke, anamwalirira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992. Funsani nthawi zonse kuti ndi boma liti linammanga, la atsamunda kapena la pambuyo pa ufulu.

Za mwezi ndi tsiku ndi kanthu kakang'ono koma kamapweteka. A Kamuzu Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960. Wina akalemba `1/4/1960`, wowerenga mwa kalembedwe ka ku Amereka aona 4 Januwale, ndipo sipuredishiti yanu ikhoza kutembenuza yokha inu osadziwa. Lembani mwezi m'mawu, kapena muzolowere kalembedwe ka `1960-04-01` komwe sikasokoneza aliyense.

Chizindikiro 2: zaka zomwe akuti anakhala m'ndende sizikutuluka mukawerengetsa

- achotsera chaka ku chaka osayang'ana miyezi
- ayambira kuwerenga pa chigamulo osati pa kugwidwa
- alemba zaka zomwe khothi linalamula osati zomwe munthu anakhaladi
- aphatikiza ndende ndi kutsekeredwa pakhomo

Mayi Vera Chirwa malo ambiri mupeza akuti zaka 12. Tiyeni tiwerengetse. Anagwidwa pa 24 Disembala 1981, anatuluka pa 24 Januwale 1993. Mukangochotsa 1981 ku 1993 zikupatsani 12, zoona, koma kuchoka Disembala 1981 kufika Disembala 1992 ndi zaka 11, kuonjezapo mwezi umodzi. Ndiye ndi zaka 11 ndi mwezi umodzi, anali atangolowa chaka cha 12. Ine sindikangana ndi munthu wonena 12 pa mwambo wa chikumbutso, koma polemba ikani madeti awiriwo, wowerenga aone yekha.

Kwa a Nelson Mandela zaka 27 zimatuluka mukayambira pa 5 Ogasiti 1962 pomwe anagwidwa, kufika pa 11 Febuluwale 1990. Mukayambira pa 12 Juni 1964, tsiku la chigamulo cha mlandu wa Rivonia, simufika ngakhale 26, ndiye muyamba kuganiza kuti mabuku onse analakwitsa pomwe mwangoyambira pakati.

Musawerenge ndi zala. Mu sipuredishiti ikani deti yogwidwa mu `A1`, yotuluka mu `B1`, kenako:

```
=DATEDIF(A1,B1,"m")
```

Ikupatsani miyezi yathunthu. Ya mayi Vera ituluka 133.

Za chilango cholamulidwa ndi chomwe munthu anagwiradi, kumbukirani kuti pali apilo, pali kuchotseredwa masiku, pali kukhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko, komanso mbali inayi pali anthu oti chilango chinatha koma osatulutsidwa. Nambala ya pa chigamulo isakhale umboni wa tsiku lotuluka, tsiku lotuluka lifunika umboni wakewake.

Chizindikiro 3: aliyense akutchula ndende yosiyana

- munthuyo ankasamutsidwa, onse akunena zoona koma za nthawi zosiyana
- dzina la malo linasintha
- ndende yotchuka yameza mayina a ndende zina
- asakaniza komwe anagwidwira, komwe anazengedwera mlandu ndi komwe anasungidwa

Funsani anthu khumi kuti a Mandela anali ndende iti, onse ati Robben Island zaka 27. Ayi ndithu. Pa chilumbapo anakhalapo pafupifupi zaka 18, kuchoka Juni 1964 kufika Malichi 1982, kenako Pollsmoor mpaka 1988, chaka chomwecho anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha TB, ndipo mu Disembala 1988 anapita ku Victor Verster komwe anatulukira. Chithunzi chotchuka chija akutuluka atagwirana dzanja ndi mayi Winnie ndi cha pa geti ya Victor Verster, si pa chilumba ayi. Ndipo asanalandire chigamulo cha 1964 anali atakhalako ku Pretoria komanso anali atapitako kale pa chilumbapo kwa masabata ochepa mu 1963. Nambala yawo ya ukaidi 466/64 ndi chitsanzo cha umboni womwe umalankhula wokha, 64 yo ndi chaka chomwe analembetsedwa. Mukaona nambala ya mkaidi pa kalata kapena pa khadi musaidumphe.

Mayina osintha nawo ndi msampha. A Kamuzu anagwidwa pa 3 Malichi 1959 nkuwulutsidwa pa ndege kupita ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Lero ndi Gweru, ku Zimbabwe, dzinalo linasintha mu 1982. Mukasaka `Gweru` yekha m'manyuzipepala a 1959 simupeza kanthu, sakani `Gwelo`. Chimodzimodzi Salisbury ndi Harare, Fort Jameson ndi Chipata, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje. Polemba tchulani dzina la nthawiyo kenako munene dzina la lero, osalemba kuti anamangidwa ku Zimbabwe mu 1959 ngati kuti dzikolo linali kale ndi dzina limenelo. Palinso malo oti dzina ndi lomwelo koma ntchito inasintha, Dzaleka ku Dowa inali ndende ya andale nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1994 ndi kampu ya othawa kwawo, ndiye wachinyamata akawerenga kuti wakutiwakuti anali ku Dzaleka akhoza kumva zina.

Samalaninso ndi kuganiza kuti onse ogwidwa tsiku limodzi anapita kumodzi. Mu 1959 ena anapita ku Gwelo, ambiri ku Khami kufupi ndi Bulawayo, enanso anasungidwa ku Kanjedza ku Limbe. Kupeza kuti mnzake wa munthu wanuyo anali ku Khami si umboni woti iyenso anali komweko.

Chizindikiro 4: boma likunena malo ena, munthuyo akunena malo ena

Apa ndi pomwe pamafunika mutu wozizira, chifukwa apa zimatheka kuti wina akunamadi.

- malowo ali ndi tanthauzo pa malamulo, ndiye mbali iliyonse ili ndi chifukwa chokokera kwake
- munthuyo ankayendetsedwa usiku kapena atamangidwa m'maso
- wakumbukira patapita zaka zambiri

Tibwerere kwa a Chirwa. Boma linkanena kuti anagwidwa atalowa m'Malawi, mbali ya Mchinji. Iwo ankanena kuti anachita kubedwa ali mbali ya Zambia, dera la Chipata. Kusiyana kwake pa mapu ndi kochepa, koma pa malamulo ndi kwakukulu zedi, chifukwa ngati anagwidwira ku Zambia ndiye kuti apolisi a dziko lina analowa m'dziko la eni nkuba anthu. Ndiye musadabwe kuti nyuzipepala ya boma ya nthawiyo ndi malipoti a Amnesty International sizikugwirizana.

Chochita: musaphatikize mbali ziwirizo kukhala chiganizo chimodzi chosalala. Lembani kuti boma linati chakuti, iwo anati chakuti, kenako muone yemwe anali ndi phindu ponama, yemwe analipo pamalopo, ndi ngati pali wachitatu wosakhudzidwa, monga boma la dziko loyandikanalo kapena akazembe omwe ankalemba malipoti opita kwawo. Nyuzipepala ya nthawi ya chipani chimodzi ndi yothandiza kwambiri pa deti yomwe boma linalengeza chinthu, koma pa funso loti zinachitikira kuti ndiponso motani, itengeni ngati mawu a mbali imodzi ya mlandu.

Buku lomwe munthu walemba yekha za moyo wake nalonso lili ndi malire. Pa mayina a ndende, kaonekedwe ka selo, yemwe anali naye, limakhala lolimba. Pa madeti limatha kutsetsereka, munthu wopanda wotchi ndi kalendala kwa zaka amakumbukira kuti kunali kozizira kapena inali nthawi ya mvula, tsiku lenileni amadzalipeza pambuyo pofunsa ena. Ndiye deti ya m'buku lotere iyeseni ndi chikalata cha nthawi yomweyo.

Chizindikiro 5: ku khothi kulibe fayilo iliyonse

- munthuyo anatsekeredwa popanda mlandu
- mlandu unazengedwa ku khothi la mtundu wina, mwasaka kolakwika
- mafayilo anatayika, anaonongedwa kapena anatumizidwa kunja

Choyambacho nchofala kuposa momwe anthu amaganizira. A Jack Mapanje anagwidwa ku Zomba pa 25 Seputembala 1987, anasungidwa ku Mikuyu, anatuluka mu Meyi 1991, osaonekerapo pamaso pa woweruza ngakhale tsiku limodzi. Mukapita kukasaka chigamulo mungotaya nthawi, kulibe. Chimodzimodzi a Kamuzu mu 1959, sanazengedwe mlandu. Pa anthu otere umboni umakhala kwina: chikalata cholamula kuti munthu atsekeredwe, kaundula wa ndende wolembamo olowa ndi otuluka, makalata a mabungwe omwe ankamenyera kuti atuluke, mafunso a aphungu mu Hansard, buku la zokambirana za ku nyumba ya malamulo, ngakhalenso fayilo ya kuntchito kwake yoonetsa mwezi womwe malipiro anaimitsidwa.

Pa nkhani za nthawi ya atsamunda, lipoti la komishoni ya Devlin la mu Julayi 1959 limafotokoza mwatsatanetsatane momwe kugwira anthu kwa pa 3 Malichi kunayendera. Zikalata zina zili ku National Archives ku Zomba, zina ku Kew ku London, ndipo kumeneko kuli gulu la mafayilo lotchedwa `FCO 141`, omwe atsamunda ananyamula pochoka m'maiko osiyanasiyana nkuwabisa mpaka anayamba kutsegulidwa mu 2012. Buku lolembedwa chaka chimenecho chisanafike silinaone mafayilo amenewo. Pa nthawi ya chipani chimodzi, anthu ambiri anakapereka madandaulo awo ku National Compensation Tribunal yomwe inakhazikitsidwa ndi malamulo a dziko a 1994, ndipo wodandaula ankayenera kunena kuti anamangidwa liti komanso kuti.

Chenjezo limodzi pa malipoti a mabungwe akunja: munthu akagwidwa mwachinsinsi nkhani imatha masabata kapena miyezi isanatuluke m'dziko, ndiye lipoti loyamba limatha kunena kuti chakumapeto kwa mwezi wakuti, lotsatira nkudzakonza. Sakani lipoti lomalizira, osaima pa loyamba.

Chizindikiro 6: simukudziwa ngati anathamangitsidwa, anathawa kapena anangopita

- mawu amodzi akuphimba zinthu zosiyana
- tsiku lochoka silinalembedwe chifukwa anachoka mobisa
- anakhala m'maiko angapo koma olemba atchula limodzi

Pali kuthamangitsidwa ndi chikalata cha boma, pali kuthawa wekha poopa kumangidwa, pali kukanizidwa kubwerera uli kale kunja, pali kutumizidwa kudera lakutali m'dziko mwako momwemo nkuletsedwa kutulukamo. Choyamba ndi chomaliza zimasiya pepala lokhala ndi deti. Kuthawa sikusiya pepala, palibe amadinditsa pasipoti akudutsa m'tchire usiku. Ndipo pali kungokhala kunja mwa kufuna kwako, monga a Kamuzu omwe anakhala kunja zaka zoposa 40 asanabwere pa 6 Julayi 1958, kumeneko sikunali kuthamangitsidwa ngakhale ena amalemba choncho.

A Jomo Kenyatta ndi chitsanzo chabwino cha kutsekeredwa m'dera. Anagwidwa mu Okutobala 1952, analamulidwa zaka 7 mu Epulo 1953, anakagwira ukaidi ku Lokitaung mpaka 1959. Koma sanapite kwawo, anawasunga ku Lodwar, kenako ku Maralal, mpaka Ogasiti 1961. Ndiye wonena kuti anatuluka mu 1959 ndi wonena 1961 onse ali ndi mfundo, wina akunena ndende wina akunena ufulu woyenda.

Pa wothawa mobisa gwiritsani njira yotsekera mbali ziwiri. Pezani tsiku lomaliza lomwe pali umboni woti anali m'dziko, ndi tsiku loyamba lomwe pali umboni woti ali kunja, kaya ndi kalata yomwe analemba, msonkhano wa atolankhani, kapena kulembetsa sukulu. Kenako lembani kuti anachoka pakati pa madeti awiriwo, basi, osapeka tsiku lapakati. A Henry Masauko Chipembere atalephera kuukira kwa mu Febuluwale 1965 anabisala kwa kanthawi, anatuluka mwachinsinsi chaka chomwecho kupita ku Amereka, mu 1966 anapita ku Tanzania, mu 1969 anabwereranso ku Amereka komwe anamwalirira mu Seputembala 1975. Wongolemba kuti anathawira ku Tanzania wadumpha gawo loyamba ndi lomaliza, ndipo wowerenga aganiza kuti anamwalirira ku Dar es Salaam.

Chizindikiro 7: masamba khumi akunena deti imodzi, buku limodzi lokha likutsutsa

Izi ndi zachidule. Nthawi zambiri masamba khumiwo anakopera pamalo amodzi, ndiye ndi mboni imodzi yolankhula kakhumi. Tengani chiganizocho muchiike mu zizindikiro `" "` muchisake, mukaona mawu ofanana ndendende mpaka pomwe analakwitsa sipelo, dziwani kuti nkukopera. Tsatirani mpaka mupeze yemwe anayamba ndipo muone ngati iyeyo anatchula chikalata. Buku limodzi lotchula nambala ya fayilo limaposa masamba onse aja.

Pomwe muyenera kuima nkufunsa odziwa

- Ngati munthuyo ali moyo ndipo mukufuna kulemba kuti anapezeka wolakwa. Kumangidwa, kuzengedwa mlandu ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zitatu. A Kamuzu anatsekeredwa pakhomo mu Januwale 1995 pa mlandu wa imfa za ku Mwanza, koma khothi linawapeza osalakwa mu Disembala chaka chomwecho. Mukalakwitsa zotere pa munthu wamoyo ndi mlandu woipitsa mbiri, onanani ndi loya musanasindikize.
- Ngati madetiwo akupita pa nkhani ya chipukuta misozi, penshoni kapena unzika. Pamenepo pafunika makope otsimikizidwa ndi ofesi yosunga zikalatayo, osati zomwe mwajambula pa foni.
- Ngati zikalata ziwiri za boma za nthawi yomweyo zikutsutsana. Wogwira ntchito yosunga zikalata amadziwa kuti kaundula uyu ankalembedwa tsiku lomwelo pomwe uyu ankadzazidwa kumapeto kwa mwezi, zomwe inu simungazione pa pepalapo.
- Ngati zikalatazo zili m'chilankhulo kapena kalendala ina, monga Chipwitikizi cha m'mafayilo a apolisi achinsinsi a PIDE, kapena kalendala ya ku Ethiopia yomwe imatsalira zaka 7 kapena 8. Pezani katswiri wa mbiri wa dera limenelo.
- Ngati munthuyo anafera m'ndende kapena anangosowa ndipo mukuganiza zokafunsa achibale. Musangofika ndi rekoda, dzerani kwa munthu yemwe banjalo limamudziwa, afunseni ngati akufuna kulankhula, ndipo akakana musiye pomwepo. Akavomera agwirizane nanu kaye kuti ndi ziti zomwe mungasindikize ndi dzina lawo ndi ziti zomwe akungokuuzani kuti zikuthandizeni kusaka.